Shuga wa Odwala pa Nambala ya Phala

Matipate atabwera, mabungwe anayamba kutulukira kwathu kuno ngati ngumbi mvula ikagwa. Ena ankafika pa galimoto, kujambula zithunzi, kumwa Fanta, osadzaonekanso. Koma limodzi linakhazikika ndithu pa Lisungwi. Linachita lendi nyumba ya njerwa zowotcha kuseri kwa msika, ndipo patapita zaka zingapo ine ndinalembedwa ntchito kumeneko yosunga katundu. Nthawi imeneyo za boma zambiri tinkakachitabe ku Mwanza.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma manambala ndinkalemba ooneka bwino, ndipo kumpingo ndinali nditasunga thumba la amayi zaka zisanu popanda tambala kusowa. Abusa ndi amene anandinenera mawu abwino. Tsiku limene ndinalandira makiyi ndinagwada m'chipinda chosungiramo katundu, pakati pa matumba, n'kuthokoza Ambuye. Ana anga asanu anali pasukulu onse, ndipo bambo awo ndalama yawo inali ya kumata machubu a njinga basi.

Bungwe lathu linalibe ndalama zakezake zochuluka. Linkayendera ndalama za anthu atatu akunja otithandiza, ndipo aliyense anali ndi ntchito yake imene anaperekera ndalamazo. Maina awo anali ovuta pakamwa, ndiye ife tinkangowatchula ndi ntchito zawo. Aphala ankadyetsa ana ang'onoang'ono m'malo ophikira anayi. Aodwala ankapereka maphukusi kwa anthu odwala nthawi yaitali m'makomo, kuyambira pa Lisungwi pomwepo mpaka ku Matope. Amijigo dzina lawo likunena lokha. Sindinawaonepo ndi maso anthu amenewa, koma ndinkawapempherera Lachinayi lililonse.

Ofesi yaikulu inali ku Blantyre. Chaka china kumeneko anaika dongosolo latsopano la pa kompyuta. Iwo ankalitchula ndi zilembo zitatu, ERP, ife tinkangoti sisitimu. Amene anabwera kudzatifotokozera anali asisi a maakaunti, mtsikana wamtali wa magalasi, wolankhula mofatsa koma wosasuntha pa mfundo. Anati kale kugula kunali ndi buku lake, malipiro buku lake, ndalama buku lake, koma tsopano zonse zalowa m'nyumba imodzi. Ndipo chilichonse cholowa m'menemo, ngakhale bokosi la machesi, chiziyenda ndi manambala atatu: mtundu wa chinthucho, mwini ndalama amene walipira, ndi mzere wa bajeti yake.

"Pakutha pa miyezi itatu iliyonse," anatero, "ndimangouza sisitimu kuti ndipatse za Aphala zokha, iyo n'kutulutsa lipoti la Aphala. Za Aodwala zokha, n'kutulutsa la Aodwala. Aliyense amafuna kuona ndalama yake yokha, kuti inagula chiyani. Koma sisitimu sinafikepo ku Lisungwi kuno, amayi. Imakhulupirira zimene mwalemba pa pepala."

Atatero anatenga choko n'kujambula mizere pansi m'chipinda changa, zigawo zitatu. Apa za Aphala, apa za Aodwala, apa za Amijigo.

Ndinamvera ndithu milungu ingapo. Koma mtima sunakhazikike. Ine ndinakulira pa mitala. Mayi anga anali mkazi wachiwiri, ndipo pakhomo pathu mchere unkabisidwa. Nyumba iyi kachitini kake, nyumba iyo kachitini kake, mwana wa uku akapempha uko ankabwezedwa ndi maso okha. Ndinalumbira ndili mtsikana kuti pakhomo panga chakudya sichidzakhala ndi malire. Ndiye kuona shuga ali pakona iyi, shuga mnzake wa kampani yomweyo ali pakona iyo ngati anayambana, zinkandipweteka. Choko nacho sichilimba. Ndinakolopa kawiri katatu, mizere inafufutika, ndipo tsiku lina Loweruka ndinakonza chipindacho mmene mayi aliyense waukhondo akanakonzera: shuga kwa shuga, mafuta kwa mafuta, sopo kwa sopo. Chinaoneka bwino kwabasi. Ngakhale adalaivala athu anayamikira.

Cholakwa chachiwiri sichinali changa ndekha. Dizilo anali atakwera, ndipo galimoto inkayenda mowerengera. Abwana a ofesi yathu ya pa Lisungwi, bambo wabwino mtima koma wothamanga nthawi zonse, anati tigule kamodzi n'kamodzi zonse za miyezi itatu. Ndinalemba pa fomu yopemphera katundu: shuga, mafuta ophikira, mchere, sopo, nyemba. Shuga ndi mafuta ena anali a phala la ana, koma zambiri zinali za maphukusi a odwala. Sindinasiyanitse. Ndinangophatikiza, shuga mabelo akutiakuti, basi. Pa fomupo mzere uliwonse unali ndi kabokosi kolembamo nambala ya mwini ndalama, ndipo kulembamo inali ntchito ya abwana. Ndinawapeza atakwera kale njinga yamoto, akupita ku msonkhano ku Dambe.

"Ndi chakudya eti?"

"Eya, bwana, chakudya ndi sopo."

Anatsamiritsa fomu pa thanki, n'kulemba nambala ya Aphala pa mzere woyamba, kenako anajambula muvi wautali wotsika mpaka pansi. Anasaina, n'kuliza njinga. Ku Blantyre kalaliki analowetsa mmene zinalembedwera. Sisitimu inayang'ana mu mzere wa chakudya cha ana, inapeza ndalama zilimo, chifukwa za miyezi yotsala zinali zisanagwiritsidwe ntchito, ndipo inavomera. Oda inatuluka, katundu tinakatenga kwa mwini golosale wina wamkulu wa kufupi ndi Zalewa. Poona kuti tagula zambiri, bamboyo anatiponyera migugu isanu ya sopo ya basela. Ine ndinabwera ndikuimba m'galimoto.

Miyezi itatu inatha bwinobwino. Ana ankamwa phala, maphukusi ankapita. Ndinalibe nkhawa ina iliyonse.

Ufa wa phala wokha sitinkagula kuno. Unkachokera ku Blantyre mwezi ndi mwezi, ufa wosakaniza chimanga ndi soya uja. Lolemba lina m'mawa galimoto inafika, ine ndinatuluka nditamanga kale chitenje kuti ndithandize kutsitsa. Kumbuyo kunali tayala la sipeya ndi jeke basi.

"Ufa uli kuti, adalaivala?"

"Sisitimu yakana."

"Yakana bwanji? Ili ndi pakamwa?"

"Pakamwa ilibe, koma ikakana ndiye yakana. Akuti Aphala ndalama ya chakudya yatha. Ana anu adya za chaka chonse, mayi. Mumawapatsa ndi nyama yomwe kapena?"

Anapereka kalata kwa abwana. Abwana anawerenga ataimirira, kenako anakhala pansi n'kuwerenganso. Kalatayo inali ya asisi a maakaunti. Inati oda ya ufa yakanidwa chifukwa mzere wa chakudya cha ana watsala ndi ndalama zosakwana, pomwe kwatsala miyezi iwiri kuti chaka cha Aphala chithe. Inatinso kumbali ya Aodwala zinthu zatembenuka: pangano lawo linatha kumapeto kwa mwezi wathawo, koma mzere wa maphukusi ukuonetsa ngati sitinagule kanthu miyezi itatu. Mabuku a mwezi umenewo atsekedwa Lachisanu, lipoti lomaliza lipita, ndipo zotsala zonse zibwezedwa kwa eni ake. Pansi penipeni anawonjezera ndi cholembera: kodi ana a ku Lisungwi amamwa phala la nyemba?

Ndinalowa m'chipinda changa n'kuwerenga matumba a ufa. Anali okwana masiku anayi. Ana amene ankadalira phala limenelo ndinkawadziwa nkhope zawo, ena linali chakudya chawo chokhacho mpaka madzulo. Miyezi iwiri yopanda phala, chifukwa cha muvi umodzi ndi ukhondo wanga.

Abwana anaganiza mwachangu monga mwa chizolowezi chawo. Anapita kukaimba foni pa bulo ya mafoni olipira ya pamsika, ine ndili pambali ndikumva mbali imodzi.

"Ndiye vuto lili pati, asisi? Aodwala ali ndi ndalama, Aphala alibe. Ingosamutsani lisiti yonseyo ipite kwa Aodwala... Eya, yonse... Onse ndi anthu ovutika omwewo..." Anamvetsera, akukanda kumutu. "Chabwino. Chabwino. Ndamva."

Atabwezera foni anati, "Akuti asamutsa zokhazo zimene zinapitadi kwa odwala, ndipo akufuna umboni wa paketi iliyonse. Makadi a katundu muli nawo?"

Makadi ndinali nawo, koma ndinali nditawaphatikizanso. Khadi limodzi la shuga, limodzi la mafuta. Linkanena kuti tsiku lakuti kwatuluka mapaketi akuti, osanena kuti apita kwa ndani. Mapepala amene odwala kapena owasamalira ankadindapo chala polandira analiponso, koma ankangoti phukusi limodzi, osatchula za m'kati. Abwana anaunjika zonsezi patebulo n'kupukusa mutu.

Pamenepo ndinatchula za kope langa, mwamanyazi ndithu. Linali kope wamba la ana a sukulu, lokutidwa ndi pepala la kalendala. Sindinkalembamo za ofesi, ndinkalembamo za Mulungu. Ndikamamanga phukusi lililonse ndinkalemba tsiku, dzina la wodwalayo ndi mudzi wake, zimene ndaikamo, ndi chimene ndimupempherere. Zoikamo ndinkalemba poopa kukondera, kuti wina asalandire sopo awiri mnzake m'modzi ine n'kudzayankha pa tsiku la chiweruzo. Ndinkalembanso shuga ndi mafuta amene amayi ophika phala atenga, pofuna kuwapempherera kuti manja awo akhale oyera, pajatu shuga amayesa munthu.

Abwana anatsegula masamba awiri atatu. "Amayi, Lachitatu mukupita ku Blantyre."

"Ine? Tumizani kope lokhalo, bwana."

"Malembedwe anuwa angawerenge ndani? Apa mwalemba kuti shuga awiri, kenako Salimo."

Ndinanyamuka Lachitatu m'mawa nditavala diresi langa la ku mgonero. Bambo a kunyumba anandiperekeza mpaka pa galimoto, akundilangiza kuti ndisakagwire waya uliwonse. Ndinanyamula kope, makadi, mapepala a zala, ndi kathumba ka malambe koti ndikapatse asisi aja, poti munthu sapita kokaweruzidwa chimanjamanja. Adalaivala njira yonse ankangondiopseza.

"Ikakuonani sisitimu ija ilira ngati ambulasi. Imadziwa anthu osakaniza shuga."

"Inu yendetsani galimoto. Mlatho wa Shire uwo, mungatigwetsere m'madzi ndi umboni womwe."

Ofesi ya ku Blantyre inali yozizira ngati m'mawa wa ku Dambe. Asisi a maakaunti anandilandira ndi manja awiri, n'kulandiranso malambe akuseka. Ndinayamba kupepesa ndisanakhale n'komwe pansi.

"Khalani kaye, amayi. Palibe amene waba. Katundu anagulidwa, anafika, anthu anadya. Kungoti tinauza Aphala kuti alipire ngongole ya Aodwala. Tiyeni tiibwezere kwa mwini wake."

Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Ndinkayembekezera chinthu choopsa, koma inali mizere chabe ngati ya m'kaundula wa kumpingo. Anandionetsa mzere wa chakudya cha ana: ndalama zimene Aphala analola, zimene zagwiritsidwa kale ntchito, zimene zalonjezedwa pa maoda amene sanalipiridwe, ndi zotsala. Zotsalazo zinali zochepa kuposa mtengo wa ufa wa mwezi umodzi. Anati oda ikamalembedwa sisitimu imayamba yayang'ana pamenepo, ikapeza kuti sizikwana, siilola odayo kupitirira. Kenako anatsegula lisiti yathu ija. Mizere isanu, yonse nambala ya Aphala. Nyemba zili pomwepo, zosachita manyazi.

"Ndiye kulakwa kwake n'kugula pa lisiti imodzi?" ndinafunsa.

"Ayi. Lisiti imodzi ingathe kulipiridwa ndi anthu atatu. Shuga yemweyo mukanamulemba mizere iwiri, wa ana nambala yake, wa odwala nambala yake. Ngakhale inuyo amayi ndinu wogawidwa."

Anatsegula pena n'kundionetsa malipiro anga. Theka linkachokera kwa Aphala, gawo lina kwa Aodwala, kachidutswa kwa Amijigo, molingana ndi pepala la masiku limene ndinkasaina mwezi uliwonse osaliganizira. Adalaivala anali ataima pakhomo ndi kapu ya tiyi.

"Ndiye kuti mutu ndi wa Aphala, mimba ya Aodwala. Amijigo anangotsala ndi zidendene."

"Inu ndiye muli pa makilomita," anatero asisi aja osatembenuka. "Buku la galimoto la mwezi watha silinafike pano."

Adalaivala anasowa pakhomopo ngati utsi.

Ndinawauza asisiwo za mitala ya kwathu, chifukwa ndinkafuna adziwe kuti mizere yawo ya choko sindinaifufute mwa mwano. Anamvetsera bwino, atavula magalasi.

"Ndakumvani," anatero. "Koma tiyerekeze chonchi. Mayi wina kumpingo wakupatsani ndalama kuti mukagulire mankhwala a m'bale wake amene ali m'chipatala. Panjira mwakumana ndi mwana wanjala. Mumugulira chakudya ndi ndalama imeneyo?"

"Ndimugulira ndi yanga."

"Ngati mulibe?"

"Ndibwerera kwa mayiyo ndikamupemphe kaye."

"Basitu. Sikuti anthuwa amadana. Aliyense anasonkhetsa ndalama kwa anthu akwawo atawalonjeza kuti zikachita chakuti. Naye ali ndi omufunsa."

Ndinakumbukira kuti ine ndemwe, posunga thumba la amayi, ndalama ya maliro sindinkaisakaniza ndi ya yunifomu ngakhale tsiku limodzi. Ya maliro inkakhala m'chitini cha mkaka, ya yunifomu mu envulopu. Kungoti shuga sindinkamuona ngati ndalama.

Ntchito tinaiyamba masana omwewo, n'kupitiriza Lachinayi lonse. Ine ndinkawerenga m'kope, iwo ankafufuza pepala la zala la tsiku lomwelo ndi dzina lomwelo, zikagwirizana n'kulemba pa pepala lalikulu. Kenako tinkaona ngati zotuluka za tsikulo zikufanana ndi za pa khadi.

"Agogo aakazi a kutsidya kwa mtsinje. Shuga m'modzi, mafuta botolo limodzi, nyemba, mchere, sopo awiri. Ambuye achotse chifuwa."

"Chala chawo chilipo. Chifuwacho chinachoka?"

"Chinachoka, panopa akulima."

"Pitirizani."

Maina ena ndinkawawerenga pang'onopang'ono, chifukwa eni ake tinali titawaika kale m'manda. Asisi aja sankandifulumiza. Ankangodikira, cholembera chili m'mwamba. Koma kunalinso zoseketsa. Pena ndinali nditalemba kuti bambo wakuti ndamuwonjezera sopo chifukwa mkazi wake ndi waulesi, Ambuye amudzutse. Asisiwo anaseka mpaka kalaliki wa chipinda china anabwera kudzasuzumira.

"Izi ndiye sitikopera, amayi. Oyendera mabuku angafe nazo."

Pa sopo tinapeza kuti ndinagawa wochuluka kuposa amene anagulidwa. Kenako ndinakumbukira basela uja. Ndinafunsa kuti nanga migugu isanu imeneyo ndi ya Aphala kapena ya Aodwala. Anati si ya aliyense mwa iwo, poti palibe anailipira, ndipo sitingauze munthu kuti alipire chinthu chimene tinapatsidwa ulere. Anangolemba kakalata kofotokoza n'kukaphatika pa pepala lathu, kuti wodzawerenga asadabwe kuti sopo anaswana.

Chimene chinavuta ndi shuga ndi mafuta ena amene sanapite kwa ana kapena m'maphukusi. M'kope zinalembedwa poyera. Odwala athu atatu atamwalira, ndinatumiza shuga ndi mafuta kumaliro. Ndani angapite pa siwa ya munthu amene wakhala akumudyetsa chaka chonse, manja ali lende? Ndiponso alendo akabwera ku ofesi, mafumu kapena a zaumoyo, tiyi wawo shuga ankachokera momwemo.

"Zamalirozi sizingalowe kwa Aodwala?" ndinachonderera. "Anali odwala awo omwe."

Asisi anatulutsa pangano la Aodwala m'kabati, n'kutsegula tsamba la bajeti, n'kundiwerengera m'Chichewa mzere ndi mzere. Maphukusi a odwala, maphunziro a osamalira odwala, mafuta a galimoto, malipiro. Za maliro munalibe.

"Munachita bwino kupita nazo kumaliro, ine ndemwe ndikanatero. Koma sitinawapemphe. Zimenezi zilipiridwa ndi kathumba ka bungwe lenilenilo, kaja kopanda mwini wotilamula. Ndi kakang'ono, ndiye akulu a zachuma akwinya nkhope, koma ndi komwe zikuyenera kupita."

Lachinayi dzuwa litapendeka, pepala lathu linakwana. Lisiti ija inagawika patatu: gawo la ana lotsala kwa Aphala, gawo lalikulu la Aodwala, ndi kagawo ka maliro ndi tiyi. Zitatuzo pophatikiza zinafanana ndendende ndi ndalama ya pa lisiti. Ndinaganiza kuti tsopano afufuta nambala yolakwika ija n'kulembapo yoyenera. Anati ayi, m'sisitimu safufuta. Cholakwa chimakhala pomwepo, ndipo pansi pake umalemba chokonza, chimene iwo ankachitcha jenulo: kuchotsa ndalama zakuti pa nambala ya Aphala, kuika zomwezo pa nambala ya Aodwala ndi pa kathumba ka bungwe, ndi chifukwa chake. Analemba kuti chokonzacho chigwere m'mwezi umene unali usanatsekedwe uja, womaliza wa pangano la Aodwala, poti katunduyo anagulidwa ndi kugawidwa pangano lisanathe. Anati tikanachedwa mpaka lipoti lomaliza litapita, chitseko chimenecho chikanatsekeka, ndipo Aphala sakanavomera kulipira nyemba za odwala ngakhale titalira.

Koma wolemba jenulo si amene amaivomereza. Inayenera kudikira akulu a zachuma, ndipo iwo anali ku banki mpaka ofesi inatsekedwa. Ndinakagona kwa msuweni wanga ku Chilomoni ndikudziwa kuti ufa kwathu wathera tsiku limenelo.

Lachisanu m'mawa akuluwo anatiitana. Anali bambo wa imvi, wa tayi, wosaseka wamba. Anayang'ana pepala lalikulu, mapepala a zala, fomu ya muvi ija, kenako masamba a kope langa amene anali atawajambula pa makina. Anawerenga nthawi yaitali kuposa mmene manambala akanafunira.

"Kope ili ndi la ndani?"

"Langa, bambo."

"Munaphunzira kuti kusunga mabuku?"

"Sindinaphunzire, bambo. Ndimangoopa Mulungu."

"Ena pano ali ndi madipuloma koma samuopa." Anasankha maina atatu mwachisawawa, n'kuwafufuza yekha kuchokera m'kope mpaka pa chala. Onse anapezeka. Pa kagawo ka maliro anakwinyadi nkhope monga ananenera asisi. "Izi zichoka pa ndalama ya tiyi ya ofesi ya Lisungwi. Mumwa wopanda shuga mpaka zitakwana. Ndipo bwana wanu mukamuuze kuti fomu si uta, asamajambulepo mivi."

Anasaina pa pepala, n'kutembenukira ku kompyuta yawo, n'kudina. Tinabwerera ku tebulo la asisi. Anatsegulanso mzere wa chakudya cha ana, ndipo zotsala zija zinali zitakwera, zokwana ufa wa miyezi iwiri yonse. Anaitanitsa oda ya ufa imene inakanidwa, n'kuitumizanso. Inadutsa mwakachetechete, makina osindikiza n'kuyamba kulira. Ine ndinapempha kuti tipemphere. Asisi anayang'ana uku ndi uku, kenako anatseka maso, kalaliki nayenso anaimitsa ntchito. Ndinayesetsa kufupikitsa, koma adalaivala amanenabe mpaka lero kuti ndinatchula ndi makina osindikiza omwe.

Tisananyamuke anasindikiza malipoti awiri kuti ndione. La Aodwala tsopano linali ndi maphukusi ake onse, mulibe dontho la phala. Pansi pake panatsalabe kandalama pang'ono, ka maphunziro ena amene sanachitike chifukwa cha mvula, ndipo kameneko kanabwezedwa. Zinandiwawa kuona ndalama ikubwerera kunja ife tili ndi osowa ambirimbiri, sindinama. Asisi anati kusintha ntchito ya ndalama kumatheka, koma umapempha mwa kalata pangano lisanathe, osati pambuyo. Chaka chotsatira, pokambirana pangano latsopano, anapemphadi kamzere kakang'ono ka chipepeso cha pamaliro, ndipo Aodwala anavomera.

Ufa tinakatenga Loweruka m'mawa ku fakitale, chifukwa Lachisanu mzere wa magalimoto unali wautali. Ndinakhala kutsogolo, koma khosi linandipweteka ndi kucheukira matumba. Titafika pa Lisungwi ndinamva kuti Lachisanu lija ana sanagone ndi njala. Amayi ophika, atamva kuti ufa watha, anayenda khomo ndi khomo, uyu kambale ka mgaiwa, uyu nsinjiro, ndipo phala linaphikidwa m'malo onse anayi. Abwana anandichingamira okha, n'kusenza thumba loyamba pa phewa, malaya oyera ali pathupi. Uthenga wa uta ndinawauza ndithu, koma ndinadikira kaye kuti atsitse thumbalo.

Kalipentala anatikhomera mashelefu atatu mlungu womwewo, ndipo makadi anakhala atatuatatu. Kope langa sindinasiye, kungoti za akazi aulesi ndinayamba kuzisunga mumtima. Tiyi wopanda shuga tinamwa pafupifupi miyezi iwiri. Adalaivala ankabwera ndi shuga wawo m'kabotolo ka mankhwala, n'kumathira atatembenukira kukhoma.

Lolemba loyamba ufa uja utafika ndinapita ndekha kukapereka ufa pamalo ophikira a pafupi ndi ofesi. Ndinayeza shuga wa tsikulo, n'kulemba pa khadi la Aphala, mayi wamkulu wa ophika n'kusaina. Ana anali atakhala kale pamzere pansi pa mtengo wa mthethe, aliyense ndi kapu yake, ena akuimenya ndi supuni. Mayiyo anavundula phala, analawa pachikhatho, n'kundiyang'ana.

"Ku Blantyre kuja akuphunzitsani kuumira eti? Onjezerani pang'ono."

"Muyezo wake ndi womwewo, amayi. Gawani, ana adikira."

Anagawa, ndipo linakwanira onse, mpaka awiri amene anafika mochedwa anapeza chokokota.